Utsi m'fulati ya lendi ku Joni: kalata yoti landilodi asainyalanyaze

Mlamu wanga amakhala ku Rosettenville, kummwera kwa Joni, m'nyumba yakale ya nsanjika imodzi yomwe ili ndi mafulati anayi, awiri pansi awiri pamwamba. Iye ndi banja lake ali pamwamba. Kumayambiriro kwa Juni, chisanu chitayamba kuluma, pabalaza pawo panayamba kudzadza utsi madzulo aliwonse, pamene iwo sakoleza moto uliwonse m'nyumbamo. Amaphikira pa sitovu ya magetsi. Anauza wosamalira nyumbayo pakamwa katatu, ndipo katatu konse yankho linali loti atsegule mawindo. Zinthu zinayamba kuyenda pokhapokha atalemba kalata, koma osati kalata yoyamba yomwe anandionetsa. Ija inali yodzaza ndi mkwiyo ndiponso mawu oti lendi ya mwezi wamawa aiwale. Tinaing'amba. Ndikufuna kufotokoza chifukwa chake, ndi zomwe tinaika mu yachiwiri.

Tiyambe ndi utsiwo, chifukwa kalata yabwino imayambira pa kudziwa chomwe chavuta.

Chumuni si bowo chabe lotulukira utsi. Chimakoka. Mpweya wotentha ndi wopepuka kuposa wozizira, choncho umakwera m'chumuni, ndipo pokwerapo umasiya mpata womwe umayamwa mpweya wina wa m'chipinda kulowa pamoto. Kuti zimenezi zitheke pamafunika zinthu ziwiri: njira ya kumwamba ikhale yotsegula, komanso m'chipindamo muzilowa mpweya wina wolowa m'malo mwa womwe wakwerawo. Chimodzi chikasowa, utsi umabwerera. Kumwamba kumatsekeka ndi mwaye wounjikana zaka zambiri, chisa cha nkhunda, njerwa yomwe yagumuka n'kutsakamira pakati, kapena anthu okonza denga omwe aphimba chumuni poganiza kuti sichigwiranso ntchito. Kumunsi timatseka ndife eni ake. Nyumba zakale za ku Joni zili ndi timabowo tolowera mpweya m'mwamba mwa khoma, ndipo kukazizira ambirife timatinyindiramo nsanza ndi makatoni, n'kuyala thaulo kunsi kwa chitseko. Tiyeni tivomereze, tonse tinachitapo.

Kusiyanitsa ziwirizi n'kosavuta, ndipo n'koyenera kutero musanalembe kalikonse. Ngati moto wake ndi wanu, tsegulani windo pang'ono. Utsi ukayamba kukwera bwinobwino, ndiye kuti chipinda chimasowa mpweya, ndipo mwina vuto ndi nsanza zanu zija. Ukapitirizabe kubwerera, njira ya kumwamba ndi yotseka. Mukhoza kuyesanso moto usanayatsidwe: yatsani koyilo ya udzudzu n'kuiika pakamwa pa chumuni. Chumuni chabwino chimakoka kautsi kaja kupita m'mwamba, ngakhale pang'onopang'ono. Fani yokoka utsi ya kukhitchini mumaiyesa ndi kapepala ka tishu: fani ikamazungulira, kapepalako kazimatirira pa sefa yake. Kakagwa, fani ikungolira.

Kwa mlamu wanga kunali kwina. Pabalaza pawo pali malo akale okolezera moto, omwe anatsekedwa ndi thabwa lopakidwa penti asanalowe m'nyumbamo. M'mphepete mwa thabwalo munali mizere yakuda ya mwaye yokwera khoma. Mayi a fulati ya pansi ali ndi hita ya malasha a antirasaiti, ija yachitsulo yomwe imapezeka m'nyumba zambiri zakale za kuno, ndipo amaikoleza cha m'ma 5 koloko madzulo. Pakatha mphindi ngati 20, utsi unkayamba kufuka pa thabwa la pamwamba lija. Titaima pamsewu nthawi yomweyo n'kuyang'ana padenga, pa chumuni sipankatuluka kanthu. Pamwamba pake panali lata lomatidwa ndi phula. Denga linakonzedwa mu Malichi chifukwa linkadontha, ndipo amisiriwo anaphimba chumuni chonse. M'kati mwa chipilala chimodzi cha njerwa muli njira ziwiri zoyandikana, ina ya fulati ya pansi, ina ya pamwamba. Utsi wa pansi unkakwera, kugunda lata, kukhotera m'njira yachiwiri, n'kutsikira pabalaza pa mlamu wanga. Mayi aja sankadandaula kwambiri chifukwa chumuni chawo chinali chitapeza potulukira: m'nyumba ya anzawo.

Chomwe chinandiopsa ine si utsi wooneka uja ayi. Antirasaiti amafuka kwambiri poyatsa, makamaka chifukwa cha nkhuni ndi mapepala oyatsira, koma akagwira moto amayaka pafupifupi wopanda utsi. Anthu pamenepo amati zatha, n'kutseka mawindo, kukagona. Koma mpweya wa pamotowo umapitirira kubwera usiku wonse, ndipo m'menemo muli kaboni monokisaidi, mpweya wopanda fungo, wopanda mtundu. Umagwirana ndi magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200, choncho magazi amanyamula iwo m'malo mwa mpweya wabwino. Ndi mpweya womwewo womwe umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba. Zizindikiro zake ndi mutu kuwawa, chizungulire, nseru, kufooka ndi kusokonezeka. Mmalawi akamva zimenezi amaganiza za malungo, koma ku Joni kulibe udzudzu wofalitsa malungo, ndiye ngati simunapite kumudzi kapena ku Mozambique posachedwa, musathamangire maganizo amenewo. Chizindikiro chenicheni ndi ichi: a m'nyumba onse akudwala limodzi, akatuluka panja akupeza bwino, akabwerera zikuyambiranso. Mlamu wanga ankadzuka ndi mutu wolemera, ukuleka akafika ku ntchito. Mwana wawo wamng'ono anasanza kawiri m'mamawa.

Zikafika pamenepo, kalata si chinthu choyamba. Choyamba ndi kutsegula mawindo, kutuluka, ndi kupempha kuti motowo uzimitsidwe. Wina akakomoka kapena kusokonezeka, imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177 ya ambulansi, ndipo kuchipatala nenani mosabisa kuti mukuganizira mpweya wa pamoto, chifukwa mukapanda kunena akhoza kukupatsani mankhwala a chimfine n'kukubwezani. Ife tinatsikira kwa mayi a pansi aja mosachedwa. Anavomera kusiya kaye kukoleza, ngakhale zinawawawa chifukwa hita ya magetsi imadya mayunitsi.

Tsopano funso loti ndani ayenera kukonza. Malamulo a ku South Africa amaika udindo wopereka nyumba yoyenera kukhalamo, ndi kuisamalira kuti ikhalebe choncho, pa mwini nyumba. Lamulo lalikulu la nyumba za lendi ndi Rental Housing Act la 1999, ndipo chigawo cha Gauteng chili ndi malamulo ake aang'ono ofotokoza mchitidwe wosayenera pakati pa landilodi ndi wochita lendi. Kusiya nyumba ikhale yoopsa pa moyo kuli m'gulu limenelo. Chumuni, denga ndi makoma ndi thupi la nyumba, si zinthu zomwe wochita lendi amawononga pogwiritsa ntchito. Komabe werengani pangano lanu la lendi, chifukwa mapangano ena amaika ntchito zing'onozing'ono pa inu, monga kusesa mwaye m'chumuni chomwe mukugwiritsa ntchito nokha kapena kutsuka sefa ya fani. Ngati vuto ndi mwaye wa moto wanu, landilodi ali ndi poimira. Ngati ndi lata lomwe amisiri ake anakhoma, alibe.

Palinso kambali kena. M'mafulati ambiri aakulu a ku Hillbrow, Berea ndi Yeoville, fulati iliyonse ili ndi mwini wake, ndipo denga ndi mapaipi odutsa nyumba yonse zimayang'aniridwa ndi bungwe la eni mafulati, lomwe pa zikalata limalembedwa kuti body corporate. Landilodi akhoza kukuuzani kuti si za iye, ndi za bungwelo. Mwina akunena zoona, koma inu pangano lanu lili ndi iye, ndipo iye ndiye membala wa bungwelo. Mlembereni iyeyo, mupereke kope kwa oyang'anira nyumbayo, ndipo m'kalatamo mumupemphe kuti akuonetseni tsiku lomwe wauza bungwe.

Kalata ipite kwa yemwe dzina lake lili pa pangano, pa adiresi yomwe pangano latchula kuti ndi yolandirira zidziwitso. Wosamalira nyumba si landilodi. Munthu wotolera ndalama pageti si landilodi. Ngati mumalipira kudzera kwa ejenti, lemberani ejenti ndi mwini nyumba limodzi. Kwa abale omwe ali m'nyumba zolandidwa za m'tauni, zomwe mwini wake weniweni sakudziwika ndipo lendi amatolera anthu ongodziika okha, kalata yotereyi ilibe kopita, ndipo moto wa nyumba ya Usindiso ku Marshalltown pa 31 Ogasiti 2023, womwe unapha anthu 76, Amalawi ali momwemo, unationetsa kumene zimathera. Imeneyo ndi nkhani ina, yofunika maloya ndi khonsolo.

Nayi kalata yomwe tinalemba. Landilodi wake samva Chichewa, ndiye inapita m'Chingerezi, koma tinayamba taikonza m'chinenero chathu kuti mutu wake uwongoke, ndipo ndi momwe ndikuiperekera pano.

"Bambo,

Ndine wochita lendi mu fulati nambala 3, pa pangano lomwe tinasainirana mu Novembala chaka chatha. Ndikulemba kukudziwitsani kuti utsi ndi mpweya wa hita ya malasha ya mu fulati nambala 1 zikulowa pabalaza panga kudzera pa malo akale okolezera moto.

Izi zinayamba pa 3 Juni, ndipo zachitika madzulo aliwonse omwe hitayo yayatsidwa, pafupifupi mphindi 20 chiyatsireni. Pa khoma pali mizere ya mwaye. Poyang'ana kuchokera pamsewu, pamwamba pa chumuni pali lata lomatidwa, ndipo sipatuluka utsi. Ndikukhulupirira kuti linaikidwa pamene denga linkakonzedwa mu Malichi. Ndaphatikiza zithunzi zinayi ndi kanema wa pa 9 Juni.

Ine, mkazi wanga ndi mwana wathu wa zaka zitatu takhala tikudzuka mutu ukuwawa, ndipo mwanayu tinapita naye kukiliniki pa 10 Juni. Kope la kalata ya kukiliniki ndaliphatikizanso. Ndinadziwitsa wosamalira nyumba pakamwa pa 4, 6 ndi 9 Juni, koma palibe chachitika. Pakali pano a mu fulati nambala 1 avomera kusiya kukoleza hita yawo kufikira chumuni chitakonzedwa.

Ndikupempha kuti mutumize mmisiri wodziwa za chumuni adzaone pasanathe masiku awiri, ndipo ntchito yochotsa chotchingacho, kusesa njira zonse ziwiri ndi kutseka bwino malo akale a mu fulati yanga ikhale itatha pofika pa 19 Juni. Ndikupemphanso kuti mmisiriyo ayese chumuni ndi utsi ine ndilipo asanachoke. Mkazi wanga amakhala pakhomo tsiku lonse Lachiwiri ndi Lachinayi, ndipo masiku ena tikhoza kupangana pa foni.

Lendi ndikulipira monga mwa nthawi zonse. Ngati pofika tsikulo ntchitoyi sinachitike, ndidzakasuma ku Rental Housing Tribunal ya Gauteng ndi kudziwitsa a zaumoyo a khonsolo ya mzinda. Chonde ndiyankheni polemba.

Ine wanu,
wa mu fulati nambala 3, pa 12 Juni."

Taonani kuti mulibe mawu oti "mwatizunza", kapena oti mumatinyoza chifukwa ndife obwera. Mwina n'zoona, koma kalatayi ili ndi owerenga awiri. Woyamba ndi landilodi, yemwe akufuna kudziwa kuti aitane mmisiri wanji ndipo zimudyera zingati. Wachiwiri ndi munthu yemwe sanakuonenipo, wokhala pa tebulo la bwalo lomva madandaulo a lendi, Rental Housing Tribunal ija, miyezi iwiri kutsogoloku, yemwe adzafunse zinthu zitatu: kodi landilodi anadziwa, anadziwa liti, nanga anapatsidwa mpata wokonza? Chiganizo chilichonse m'kalatamo chikuyankha limodzi mwa mafunso amenewa. Masiku a 4, 6 ndi 9 Juni akusandutsa madandaulo a pakamwa aja, omwe akanangouluka ndi mphepo, kukhala mbiri yolembedwa. Landilodi akapanda kuwatsutsa poyankha, zimavuta kuti adzawakane mtsogolo.

Pa chomwe chayambitsa vuto tinalemba kuti "ndikukhulupirira", ndipo tinatero dala. Mlamu wanga si mmisiri, ndipo sanakwere padenga. Akanalemba motsindika kuti amisiri anu anatseka chumuni, kenaka n'kupezeka kuti palinso chisa m'kati, landilodi akanagwira pomwepo n'kunena kuti kalata yonse ndi yabodza. Lembani zomwe maso anu aona ngati zoona, ndipo zomwe mukuganiza muzitchule kuti ndi maganizo. Musakwerenso padenga kukachotsa nokha chotchinga, ngakhale muli ndi luso la zomangamanga monga Amalawi ambiri kuno. Denga likadzadontha mvula ya Okutobala, mlandu udzakhala wanu, ndipo dipoziti yanu idzathera pomwepo.

Pempho nalonso liyenera kukhala ndi mutu. "Chitanipo kanthu" amayankhidwa ndi munthu wobwera ndi kachubu ka silikoni n'kumata m'mphepete mwa thabwa. Zimenezo ndi zoopsa kuposa kusiya, chifukwa utsi umaleka kuoneka pamene chumuni chikadali chotseka, ndipo mpweya uja umakafuna potulukira pena: m'ming'alu ya njerwa, m'siling'i, kapena kubwerera kwa a pansi. N'chifukwa chake tinatchula ntchito zitatu ndi kuyesa komaliza. Amisiri a chumuni ali ndi timibulu tofuka utsi wambiri tomwe amayatsa kumunsi, wina n'kuyang'ana padenga ndi m'zipinda zonse zomwe chumunicho chadutsa. Utsi uyenera kutuluka pamwamba pokha. Ukaoneka pena paliponse, ntchito sinathe.

Chikanakhala chipangizo cha gasi, monga giza yotenthetsa madzi kapena hita yomangidwira kukhoma, pempho likanasintha pang'ono. Gasi woyaka bwino amatulutsa lawi la buluu. Lawi lachikasu lolendewera, mwaye pamwamba pa chipangizocho ndi mawindo ochita thukuta kwambiri zimasonyeza kuti sakuyaka bwino kapena paipi yake yotulutsa mpweya yatsekeka kapena kuguluka. Ku South Africa ntchito ya gasi yomangidwira m'nyumba imayenera kugwiridwa ndi mmisiri wolembetsedwa ku bungwe lolembetsa amisiri a gasi la SAQCC Gas, yemwe amapereka setifiketi yotsimikizira kuti zonse zili bwino. M'kalata pemphani mmisiri wotere ndi kope la setifiketiyo, ndipo tsekani gasi mpaka atabwera.

Za masiku: palibe nambala imodzi yokwanira vuto lililonse. Mapangano ambiri ali ndi ndime yonena masiku omwe wophwanya pangano amapatsidwa kuti akonze, kawirikawiri 7 kapena 14, ndipo ngati lanu lili nayo, itsatireni n'kutchula nambala ya ndimeyo. Ife tinagawa pawiri, masiku awiri oti wina adzaone ndi sabata imodzi yoti ntchito ithe, chifukwa munthu woganiza bwino sanganene kuti masiku awiri ndi ochepa pa nkhani ya mpweya wakupha, komanso sanganene kuti mmisiri amapezeka tsiku lomwelo pakati pa chisanu, nthawi yomwe aliyense akumufuna.

Tsopano chiganizo chomwe tinakangana kwambiri, cha lendi. Mlamu wanga amalipira R4,800 pamwezi, ndipo ankaona kuti chida chake chokha ndi kuigwira ndalamayo. Anandifunsa kuti, "Alamu, ndiye ndizilipirira utsi?" Funso lake ndi lomveka, ndipo n'zoona kuti malamulo a kuno amalola kuti lendi ichepetsedwe ngati munthu walephera kugwiritsa ntchito nyumba mokwanira. Vuto ndi loti mapangano ambiri ali ndi mawu oti lendi izilipidwa yonse popanda kudulapo kanthu. Mukangodula nokha, wophwanya pangano mumakhala inu. Landilodi amakulemberani kalata yake, kuthetsa pangano, ndipo nkhani imachoka pa chumuni n'kupita pa ngongole yanu. Njira yabwino ndi kulipira, kusunga malisiti onse, n'kupempha kuti akuchotsereni, kaya mogwirizana ndi landilodi polemba, kaya kudzera ku bwalo. Chimodzimodzi ndi kuitana mmisiri wanu n'kuchotsa ndalamayo pa lendi: chitani pokhapokha landilodi atavomera polemba, ndi mtengo wake womwe. Ngati mumalipira pamanja, lamulo likuti landilodi azikupatsani lisiti lolembedwa. Liumirireni.

Bwalo lomwe tatchula m'kalatamo si loopsezera chabe. Rental Housing Tribunal linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999 lija, kusuma kwake ndi kwaulere, ndipo simufunika loya. Mumadzaza fomu, n'kuphatikiza chiphaso kapena pasipoti, pangano ngati lilipo lolembedwa, umboni wa malipiro ndi makalata omwe mwalemberana. Pangano la pakamwa nalonso ndi pangano, kungoti umboni wake umavuta, ndipo lamulo limakupatsani ufulu wouza landilodi kuti alilembe. Kawirikawiri amayamba ndi kukukhazikani pansi kuti mugwirizane, zikakanika nkhani imapita kokamvedwa, ndipo chigamulo chake chili ndi mphamvu ngati cha khoti la majisitireti. Gawo lomwe ambiri salidziwa ndi ili: kuyambira tsiku lomwe mwasuma, kufikira chigamulo chitaperekedwa kapena miyezi itatu itatha, landilodi saloledwa kukutulutsani, inu muyenera kupitiriza kulipira lendi, ndipo iye ayenera kukonza zofunika kukonza. Chitetezocho chimayenda limodzi ndi kulipira kwanu. Mwaona chifukwa chomwe tinang'ambira kalata yoyamba ija.

Musayembekezere kuti bwaloli lithamanga. Limatenga masabata, mwina miyezi, ndipo chisanu sichidikira. N'chifukwa chake tinatchulanso a zaumoyo a khonsolo, omwe ali ndi maofesi m'zigawo za mzinda ndipo angathe kubwera kudzaona nyumba n'kulembera mwini wake chidziwitso. Lipoti lawo ndi umboni wolemera kuposa zithunzi zanu.

Mantha a Amalawi ambiri ndi oti ukadandaula, upeza katundu wako panja. Zimachitika, sindingakunamizeni, koma si zololedwa. Ndime 26 ya malamulo aakulu a dzikoli imati munthu asatulutsidwe m'nyumba yake popanda chilolezo cha khoti, ndipo lamulo la 1998 loletsa kutulutsa anthu m'nyumba mosatsata malamulo, lotchedwa PIE, limafotokoza njira yake. Ndimeyo imanena za munthu aliyense, osati nzika zokha. Kusintha maloko, kuchotsa chitseko kapena kudula madzi ndi magetsi kuti muchoke n'kuphwanya lamulo. Komabe ngati mapepala anu sali bwino, musalowe mu ofesi iliyonse mwachimbulimbuli. Yambani mwafunsa kwa othandiza anthu pa zamalamulo mwaulere, monga Legal Aid South Africa, Lawyers for Human Rights kapena SERI ku Braamfontein, akuuzeni njira yoyenera inuyo.

Katumizidwe kake nakonso n'kofunika. Uthenga wa pa foni ndi imelo zimalandiridwa ngati umboni, koma mawu ojambula a mphindi zisanu odzaza ndi madandaulo sathandiza aliyense. Ife tinasindikiza makope awiri. Limodzi mlamu anakapereka ku ofesi ya ejenti, n'kupempha wolandira alendo kuti asaine ndi kulemba tsiku pa lachiwiri. Kenaka analijambula n'kulitumiza pa WhatsApp kwa landilodi, ndipo zizindikiro ziwiri zitasanduka za buluu anajambulanso sikirini. Akakana kusaina, pitani ndi mboni, mulembe tsiku ndi nthawi.

Landilodi anaimba foni madzulo omwewo, wokwiya kuti bwanji amutchulira za bwalo. Mlamu anamvetsera osayankha zambiri, ndipo foni itatha analemba kauthenga kakafupi: zikomo poimba, mwanena kuti mmisiri abwera pa 14 Juni m'mawa, tidzakhala tilipo. Kauthenga kotere kamasandutsa lonjezo la pa foni kukhala lolembedwa. Mmisiri sanabwere pa 14, anabwera pa 16. Anachotsa lata, n'kupeza kuti khoma lopyapyala lolekanitsa njira ziwirizo linagumuka pang'ono pafupi ndi pamwamba, ndiye kuchotsa lata kokha sikukanathetsa vuto. Anadutsitsa paipi yachitsulo m'njira ya fulati ya pansi kuchokera pa hita kufika padenga, anaika kachipewa koteteza mvula ndi mbalame pamwamba, ndipo malo akale a kwa mlamu anawatseka ndi njerwa n'kusiya kabowo kakang'ono kuti m'katimo musachite chinyezi. Ntchito inatha pa 21, masiku awiri kupitirira tsiku lomwe tinaika, ndipo sitinakasume chifukwa inali ikuoneka kuti ikuyenda.

Pempho loti amuchotsereko lendi ya masabata atatu aja landilodi analikana, ndipo mlamu anasankha kusalimbana nazo poti pangano lake likuyenera kukonzedwanso mu Novembala. Ine ndikanaumirira, koma wokhalamo ndi iye. Anagula alamu ya kaboni monokisaidi ku sitolo ya zipangizo zomangira, yosiyana ndi alamu ya utsi yomwe siimva mpweya umenewu, n'kuipachika pakhonde la pakati pa balaza ndi zipinda zogona. Nsanza zomwe zinali m'timabowo ta m'khoma anazichotsa, ndipo mayi a pansi anayambanso kukoleza hita yawo pa 22 Juni.